Manambala anayi a m'mbali mwa tayala: kuwerenga tsiku lopangidwa ndi kudziwa nthawi yolichotsa

Ambiri pogula tayala amayang'ana mano ake. Amalowetsa chala m'mizere, ndipo akaona kuti ndi yakuya amakhutira kuti tayalalo likadali ndi moyo. Kuyesa kumeneku n'kolondola, koma kumayankha funso limodzi lokha, lakuti tayala ladyeka motani pamsewu. Sikunena kanthu za msinkhu wake. Mphira imakalamba ngakhale isanagunde phula, ndipo tayala limene lakhala zaka 12 m'buti likhoza kukhala ndi mano onse koma m'kati mwake litafooka kale. Msinkhuwo ndi wolembedwa pa tayala lenilenilo, m'manambala anayi amene munthu aliyense angawerenge popanda chida chilichonse.

Komwe manambalawo ali

Yang'anani m'mbali mwa tayala, pafupi ndi pamene mphira yakumana ndi limu. Pamatayala ambiri mupeza zilembo zitatu, DOT, zotsatiridwa ndi mndandanda wa zilembo ndi manambala. Zilembo zitatuzi zikuimira unduna wa zamtengatenga wa dziko la America, umene unalamula kuti tayala lililonse logulitsidwa m'dzikolo likhale ndi nambala yolizindikiritsa. Popeza mafakitale ambiri a padziko lonse amagulitsa matayala awo ku America, kalembedwe kameneka kanafala mpaka kufika pamatayala ogulitsidwa ku Limbe kapena ku Mzuzu. Mndandandawo umaoneka motere:

```
DOT AB 9C XYZ1 3522
```

Zilembo zoyambirira zimatchula fakitale imene inapanga tayalalo. Pamatayala akale zimakhala ziwiri, pomwe pa atsopano zimakhala zitatu, chifukwa zizindikiro za zilembo ziwiri zinali pafupi kutha mafakitale atachuluka. Zapakatizo ndi za kampani, zofotokoza kukula ndi mtundu wa tayala, ndipo mwini galimoto sasowa kuzimasulira. Chimene mukufuna ndi manambala anayi otsiriza. Kawirikawiri amakhala m'kabwalo kowulungika, kooneka ngati kachigamba kosindikizidwa padera. Kachigambako kasakudabwitseni. Chikombole chimene amaumbira tayala sichisintha, koma tsiku limasintha sabata ndi sabata, choncho ku fakitale amalowetsa kachitsulo katsopano m'chikombolecho sabata iliyonse, ndipo m'mphepete mwa kachitsuloko mumasiya mzere pa mphira.

Apa pali msampha woyamba. Nthawi zambiri mndandanda wathunthu umalembedwa mbali imodzi yokha ya tayala. Mbali inayo pamakhala DOT ndi zilembo zoyambirira, koma popanda manambala anayi aja. Ngati womanga tayala anatembenuzira mbali yathunthuyo m'kati, mudzaona mndandanda wothera pa zilembo, monga DOT AB 9C XYZ1, ndipo mungaganize kuti tayalalo lilibe tsiku. Likadali nalo, koma lili kuseri. Pamatayala a kutsogolo, khotetsani chiwongolero mpaka kumapeto n'kuunika ndi tochi. Pa akumbuyo ndi bwino kupempha a pagalaja kuti ayang'ane galimoto ikakhala padzenje kapena atachotsa gudumu. Osalowa pansi pa galimoto imene yangoimikidwa pajeki.

Matayala ena opangidwira msika wa ku Japan kokha alibe zilembo za DOT nkomwe, ndipo oterewa ndi ochuluka kuno chifukwa amabwera ndi galimoto zogwiritsidwa kale ntchito. Komabe nawonso amakhala ndi tsiku. Mudzaona zilembo zochepa zotsatiridwa ndi manambala anayi, m'kabwalo komwe kaja, ndipo amawerengedwa mofanana. Tayala likakhala lafumbi, lipukuteni ndi nsalu yonyowa. Manambala akakhala osaoneka bwino, kupakapo choko kumawatulutsa.

Kawerengedwe kake

Manambala awiri oyamba ndi sabata ya chaka, ndipo awiri otsiriza ndi chaka. Choncho 3522 akutanthauza sabata ya 35 ya chaka cha 2022. Nambala 0919 ikutanthauza sabata ya 9 ya 2019. Chaka chili ndi masabata 52, ndipo nthawi zina kawerengedwe kamafika pa 53. Izi zimapereka njira yodziyesera: ngati manambala awiri oyamba aposa 53, chimene mukuwerengacho si tsiku, mwina ndi nambala ina ya kampani.

Pofuna kusandutsa sabata kukhala mwezi, sipafunika kalendala. Sabata ya 13 imagwa kumapeto kwa Malichi, ya 26 kumapeto kwa Juni, ya 39 kumapeto kwa Seputembala, ndipo ya 52 kumapeto kwa Disembala. Sabata ya 35 ili masabata anayi isanafike 39, motero ndi kumapeto kwa Ogasiti. Kulakwitsa ndi sabata imodzi kapena ziwiri kulibe vuto pa nkhani yowerengedwa m'zaka.

Kulakwitsa kumene kuli ndi vuto ndi kuwerenga chobwerera. Munthu akaona 2310 akhoza kunena kuti ndi chaka cha 2023, mwezi wa 10, n'kulipira ndalama akuganiza kuti wapeza tayala laposachedwa. Kunena zoona ndi sabata ya 23 ya chaka cha 2010, kusiyana kwa zaka 13. Ogulitsa ena amawerenga chomwecho mosadziwa, ena mwadala, ndipo wogula sangasiyanitse awiriwa. Nambala monga 2018 imasokeretsa mwanjira ina. Ndi sabata ya 20 ya 2018, choncho amene waiwerenga ngati chaka walasa mwangozi, ndipo amapita nacho chizolowezi cholakwikacho ku tayala lotsatira, lolembedwa 1921, kumene chimamusiya pamtunda. Limenelo ndi la sabata ya 19 ya 2021.

Manambala anayi anayamba m'chaka cha 2000. Kale ankalemba atatu: awiri a sabata, limodzi la chaka. Nambala 408 inkatanthauza sabata ya 40 ya chaka chothera ndi 8, chimene chingakhale 1998 kapena 1988, ndipo makampani ena ankaika kachizindikiro ka makona atatu posonyeza zaka za m'ma 1990. Lero kusiyanitsako n'kosafunika. Tayala lililonse la manambala atatu lapitirira zaka 25, ndipo malo ake ndi m'dimba kapena kwa osoka nkhwaira, osati pansi pa galimoto.

Palinso manambala ena m'mbali mwa tayala amene si tsiku. Zolembedwa zazikulu monga 195/65 R15 91H zikunena za kukula, katundu amene tayala lingasenze ndi liwiro limene lingapirire. Nambala yaitali yoyandikana ndi kabwalo kokhala ndi E ndi ya chilolezo cha miyezo ya ku Ulaya. Yotsatira mawu akuti TREADWEAR ndi yoyerekeza kulimba kwa mano. Zonsezi sizikhudza msinkhu.

Chimene chimakalamba m'tayala

Kuti munthu amvetse chifukwa chake zaka zokha zingachotsetse tayala la mano abwino, ayenera kudziwa mmene linapangidwira. Tayala lamakono si mphira yokhayokha. Pansi pa mano pali malamba a waya wachitsulo, kawirikawiri awiri osanjikizana, ndipo pansi pawo pali nsalu ya zingwe zolimba. Zonsezi zimagwirizanitsidwa ndi mphira yopyapyala imene imamatira ku waya. Mphamvu ya tayala ili m'kumatiraku.

Mdani wa mphira imeneyi ndi okosijeni, mpweya womwe uja umene umachititsa chitsulo dzimbiri. Mpweya umene timapopera m'tayala uli ndi okosijeni pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu, ndipo popeza uli wopanikizika, umalowerera pang'onopang'ono kudutsa khungu la m'kati mpaka kufika pa malamba aja. Kumeneko umaumitsa mphira, imene imasiya kutamuka n'kuyamba kuthetheka. Ming'alu imayambira m'mphepete mwa malamba, pamene tayala limapindika kwambiri likamagudubuzika, ndipo imakula mobisika. Tsiku lina, galimoto ikuthamanga, yodzaza, pamsewu wotentha, lamba wapamwamba amalekana ndi mnzake ndipo mano onse amasendeka ngati khungwa la mtengo. Mpweya ukhoza kutsalamo kapena kutuluka nthawi yomweyo, koma m'njira zonse ziwiri woyendetsa amalimbana ndi galimoto imene yayamba kukokera mbali imodzi.

Chofunika kuchigwira apa n'chakuti kuwonongeka kumeneku kumayambira m'kati. Ming'alu ing'onoing'ono imene mumaiona kunja, m'mbali mwa tayala ndi pansi pa mizere ya mano, ndi ntchito ya dzuwa ndi mpweya wa ozoni. Ndi chenjezo loona, koma kusaoneka kwake si umboni wakuti m'kati muli bwino. Tayala losungidwa mumdima likhoza kukhala losalala kunja malamba ake atatopa. Ndicho chifukwa chake maso okha sakwanira, ndipo tsiku lopangidwa limalowa m'malo mwa chimene maso sangaone.

Kutentha kumafulumizitsa zonsezi. Bungwe loona za chitetezo cha pamsewu ku America, la NHTSA, litafuna kufufuza ukalamba wa matayala linakatolera matayala ogwiritsidwa ntchito mumzinda wa Phoenix, m'chigawo cha Arizona, chifukwa ndi kotentha kwambiri. Kafukufukuyo anadza pambuyo pa nkhani ya matayala a Firestone, pamene mu Ogasiti 2000 kampaniyo inaitanitsa matayala okwana 6.5 miliyoni, ambiri mwa iwo omangidwa pa galimoto za Ford Explorer, chifukwa cha kusendeka kwa mano. Vutolo linali ndi zoyambitsa zingapo, kuphatikizapo kapangidwe ka matayalawo, koma ngozi zambiri zinachitikira m'zigawo zotentha za kummwera kwa dzikolo, ndiponso pamatayala amene anali atagwira ntchito zaka zingapo. Kwa woyendetsa wa ku Nsanje, Chikwawa, Mangochi kapena Karonga, tanthauzo lake n'lakuti zaka za tayala lake ndi zolemera kuposa zaka zomwezo m'dziko lozizira. Tayala loperewera mpweya kapena losenzetsedwa katundu wopyola muyezo limadzitenthetsa lokha, choncho limakalambanso msanga.

Pali chinthu china chimene chimadabwitsa anthu. Tayala loima limang'aluka kunja msanga kuposa loyenda. Opanga amasakaniza mumphira mankhwala ndi phula loteteza, ndipo zimenezi zimatulukira pamwamba tayala likamapindika poyenda. Galimoto ya munthu amene amangoitulutsa Lamlungu, ngolo yokokedwa imene imagwira ntchito nthawi yokolola yokha, ndi galimoto imene yakhala chaka pagalaja kudikira injini, ndizo zimafika msinkhu woopsa mano ali athunthu. Minibasi ya tsiku ndi tsiku imatha mano isanafike n'komwe pa funso la zaka, pokhapokha ngati matayala ake anagulidwa ali okalamba kale.

Zaka zisanu, zisanu ndi chimodzi, ndi khumi

Palibe nambala imodzi imene onse anagwirizana, koma malire amene amatchulidwa ndi atatu, ndipo sakutsutsana kwenikweni.

Makampani akuluakulu opanga matayala, monga Michelin ndi Bridgestone, amalangiza kuti tayala likagwira ntchito zaka zisanu liziyenderedwa ndi katswiri, ndipo a Michelin amanena kuti kamodzi pachaka. Amanenanso kuti likakwanitsa zaka 10 kuchokera pa tsiku lopangidwa lichotsedwe, ngakhale likuoneka bwino, ngakhale mano asanathe, ndipo ngakhale likhale la sipeya. A Continental nawonso amaika malire pa zaka 10. Opanga galimoto ena ndi okhwimirapo. Mabuku a galimoto za Ford, mwachitsanzo, amalangiza kusintha matayala pakatha zaka 6 posayang'ana mmene mano alili. Buku la galimoto yanu likatchula nambala yake, tsatirani imeneyo.

Tikaziika pamodzi, zikuoneka motere. Tayala losafika zaka zisanu limaweruzidwa ndi mmene lilili: mano, mabala, zotupa. Pakati pa zaka 6 ndi 10, msinkhu wayamba kukhala mboni, ndipo umamvedwa pamodzi ndi mboni zina. Likapyola zaka 10, msinkhu wokha watha mlandu. Zaka 10 zimenezi ndi malire otsiriza, si lonjezo lakuti tayala lililonse lidzafika pamenepo. Makampani omwewo amanena kuti matayala ambiri amafunika kuchotsedwa asanafikepo.

M'maiko ambiri malire a zakawa ndi uphungu chabe, si lamulo, koma ku Britain mbali ina inasanduka lamulo. Mu Seputembala 2012 basi imene inkachokera ku chikondwerero cha nyimbo cha Bestival inachita ngozi pamsewu wa A3 m'chigawo cha Surrey, tayala lake la kutsogolo litaphulika. Anthu atatu anamwalira, woyendetsa ndi okwera awiri. Kafukufuku anapeza kuti tayalalo linali ndi zaka zoposa 19, ndipo panthawiyo panalibe lamulo loletsa tayala chifukwa cha msinkhu. Mayi Frances Molloy, amene mwana wawo anali mmodzi mwa omwalirawo, anamenyera nkhondo kusintha kwa lamulo kwa zaka zambiri. Kuyambira pa 1 Febuluwale 2021, n'koletsedwa m'dzikolo kuika tayala la zaka zoposa 10 kutsogolo kwa malole ndi mabasi, ndiponso pa magudumu onse osaphatikiza awiriawiri a minibasi. Onani kumene lamulolo linalunjika: pa magudumu owongolera, ndi pa gudumu limene lilibe mnzake woti asenze katundu ilo likafa.

Pa zaka zapakati zija, maganizo a mlembi ndi akuti m'nyengo yathu munthu atsamire ku zaka 6 kapena 7 kusiyana ndi 10, makamaka ngati galimoto imayenda maulendo aatali pamsewu wa M1, imanyamula anthu ambiri, kapena imagona padzuwa. Galimoto yopepuka yoyenda pang'onopang'ono m'tauni, yoimikidwa pamthunzi, yopimidwa mpweya mwezi ndi mwezi, ikhoza kupitirira ndi tayala la zaka 7 kapena 8 malinga likuyenderedwa. Koma tayala la msinkhu umenewu likasonyeza chizindikiro chimodzi chokha, lisapatsidwenso mpata. Zizindikirozo ndi ming'alu yakuya moti nsonga ya chikhadabo ikulowa kapena zingwe zikuonekera, chotupa m'mbali, mano otukumuka malo amodzi, kunjenjemera kwa chiwongolero kumene kwayamba popanda chifukwa, ndi kutha mpweya kawirikawiri popanda msomali. Chotupa ndi mano otukumuka zimachotsetsa tayala tsiku lomwelo, kaya lili ndi zaka zingati. Chimodzimodzinso mano akafika pa timizere todutsa pansi pa mizere ikuluikulu, timene timaima pa mamilimita 1.6.

Chitsanzo cha galimoto imodzi

Tiyerekeze kuti ndi mu Okutobala 2025, ndipo banja lina la ku Lilongwe likukonzekera ulendo wa ku Nsanje pa galimoto yaing'ono yopangidwa mu 2015, imene inabwera kuchokera ku Japan. Akuwerenga matayala onse asanu.

Awiri a kutsogolo ndi olembedwa 3522. Ndi a kumapeto kwa Ogasiti 2022, choncho ali ndi zaka zitatu ndi mwezi umodzi kapena iwiri. Mano atsala mamilimita 5, ndipo palibe bala. Msinkhu sukulowa m'nkhani yawo.

La kumbuyo kumanzere ndi 0919, la kumayambiriro kwa Malichi 2019. Kuchokera Malichi 2019 mpaka Malichi 2025 ndi zaka 6, kuonjezapo miyezi 7 kufika Okutobala. Mano ndi mamilimita 4, m'mbali mulibe mng'alu, ndipo silitaya mpweya. Ili lili m'zaka zapakati. Silikulamula kuti lichotsedwe lero, koma si tayala lolidalira kwa zaka zina zitatu.

La kumbuyo kumanja linagulidwa pakaunjika chaka chatha, lina litabooka, ndipo ndilo looneka bwino kuposa onse, la mano a mamilimita 6. Nambala yake inali kuseri, ndipo atachotsa gudumu anapeza 4816, kutanthauza kumapeto kwa Novembala 2016. Latsala mwezi umodzi kuti likwanitse zaka 9. Pansi pa mizere ya mano pali ming'alu yopyapyala kuzungulira tayala lonse. Silinafike zaka 10, koma mboni zitatu zikugwirizana: msinkhu, ming'alu, ndi mbiri yosadziwika, pakuti palibe amene anganene ngati linayendapo lopanda mpweya kapena linagona zaka zingati padzuwa. Limeneli lichoke ulendo usanayambe.

La sipeya ndi lofanana kukula ndi anzake ndipo silinagundepo pansi. Timinga ta mphira ta ku fakitale tikadalipo. Nambala yake ndi 1215, kumapeto kwa Malichi 2015, ndipo ndi lomwe galimoto inatuluka nalo ku fakitale. Lili ndi zaka 10 ndi miyezi pafupifupi 7. Lapyola malire otsiriza, ndipo apa ndi pamene zaka zokha zikugamula. N'kovuta kutaya chinthu chooneka chatsopano, koma taganizirani nthawi imene lidzafunike: galimoto yodzaza, masana a mu Okutobala, potsika zigwembe za Thabwa kulowa m'chigwa cha Shire, pambuyo pa zaka 10 za kuphikidwa m'buti.

Njira yosawononga ndalama ndi kugula matayala awiri atsopano. La 4816 ndi la 1215 atayidwe. La 0919 litsike pagalimoto n'kumangidwa pa limu ya sipeya, kumene lingadikire kwa chaka chimodzi kapena ziwiri ngati longofikitsa munthu pagalaja, osati loyendera ulendo wonse. Atsopano awiriwo amangidwe kumbuyo. Ambiri amaona ngati atsopano ayenera kupita kutsogolo, koma opanga matayala amalangiza kuti pogula awiri okha aziikidwa kumbuyo, chifukwa magudumu a kumbuyo akaterereka pamsewu wonyowa galimoto imazungulira, ndipo zimenezi n'zovuta kuzibweza kuposa kutsetsereka kwa kutsogolo. M'chitsanzo chathu uphunguwu sukusemphana ndi kanthu, poti a kutsogolo ndi a zaka zitatu zokha.

Sipeya ikanakhala ya mtundu wopyapyala uja, imene galimoto zambiri za ku Japan zimabwera nayo, kusinthanitsaku sikukanatheka, chifukwa limu yake ndi yosiyana. Nayo imakalamba chimodzimodzi, tsiku lake limawerengedwa mofanana, ndipo imafuna mpweya wochuluka kuposa matayala ena, nthawi zambiri 420 kPa monga zalembedwa m'mbali mwake.

Pogula

Tayala latsopano m'sitolo silikhala la sabata yatha. Limayenda panyanja, limadutsa padoko ndi pachipata cha dziko, kenako limadikira wogula. Kupeza la miyezi 6 kapena chaka chimodzi n'kwachibadwa, ndipo losungidwa m'nyumba yozizira, yopanda dzuwa, kutali ndi mafuta, limakalamba pang'onopang'ono kwambiri kuposa lomangidwa pagalimoto. Komabe zaka 10 zija zimawerengedwa kuchokera pa tsiku lopangidwa, osati la lisiti. Tayala la zaka zitatu logulitsidwa pamtengo wa latsopano lakudyerani kale gawo la nthawi yake, ndipo ngati galimoto yanu imayenda pang'ono, moti matayala ake amakalamba mano asanathe, ndi inu amene mwaluza kwambiri. Werengani manambala pa tayala lililonse asanalimange, osati pa limodzi lokha la pachionetsero, pakuti anayi ochokera pamulu umodzi akhoza kusiyana zaka. Matayala oyalidwa panja pa sitolo tsiku ndi tsiku kuti odutsa awaone ndi amene alandira dzuwa lochuluka.

Pakaunjika kuwerenga tsiku n'kofunika koposa, chifukwa mano akuya ndiwo amakweza mtengo, ndipo mano akuya pa tayala lakale amangosonyeza kuti linakhala nthawi yaitali osayenda. Mtengo uyerekezedwe ndi zaka zimene zatsala. La zaka 8 logulidwa pa theka la mtengo wa latsopano lili ndi zaka ziwiri zokha zinthu zitayenda bwino kwambiri, pomwe latsopano lili ndi zisanu kapena kuposerapo. Samalaninso ndi olembedwa STUDLESS kapena okhala ndi chithunzi cha phiri ndi chipale. Ndi a m'nyengo yachisanu ya ku Japan ndi ku Ulaya, ndipo amagwira ntchito miyezi yochepa pachaka, n'chifukwa chake amafika kuno ali ndi mano ambiri pamodzi ndi zaka zambiri. Mphira yake yofewa sinapangidwire phula lotentha.

Matayala omatidwa mano atsopano, ofala pa malole ndi mabasi, akhoza kukhala ndi masiku awiri: la thupi la tayala, ndi la pamene anamata manowo. Tsiku lachiwiri likunena za mano okha. Malamba ndi nsalu za m'kati zikadali ndi msinkhu wa tsiku loyamba, choncho fufuzani onse awiri.

Mukapeza tayala limene malo a manambala anayi apalidwa, asalazidwa kapena apsa, pomwe zolembedwa zina zonse zikuoneka bwino, lisiyeni. Manambalawo amaumbidwa mumphira pamodzi ndi zilembo zoyandikana nazo, pafupi ndi limu pamene msewu sufika, ndipo safufutika okha n'kusiya zinzake zili zowala.